Dontho Limene Limachotsa Buluu: Mmene Amayezera Mphamvu ya Jiki

Pa botolo la jiki logula m'golosale pamakhala nambala, kawirikawiri 3.5%. Nambalayo imanena zoona za tsiku limene botololo linkatsekedwa kufakitale. Kuyambira pamenepo jiki amayamba kufooka pang'onopang'ono, ndipo akakhala pamalo otentha, padzuwa kapena m'botolo losatsekedwa bwino, kufookako kumafulumira. Fungo silithandiza kwenikweni, chifukwa jiki amene wataya gawo lalikulu la mphamvu yake amanunkhabe ngati jiki.

Kwa munthu wochapa malaya oyera vuto lake ndi laling'ono: angowonjezera kachivundikiro kena. Koma pa mliri wa kolera umene unayamba m'Malawi mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, klorini anali chida cha tsiku ndi tsiku m'misasa ya odwala, ndipo kumeneko miyeso yake si yongoganizira. Madzi osamba m'manja amafuna klorini wa 0.05%, okolopera pansi ndi kupukutira mabedi amafuna 0.2%, pamene othira pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala amafuna 2%. Miyeso yonseyi imapezeka posungunula klorini wamphamvu ndi madzi, ndiye kuti wosungunulayo ayenera kudziwa mphamvu yeniyeni ya chimene wayambira. Ngati nambala ya pabotolo yasiya kunena zoona, masamu onse otsatira apita m'tchire.

Njira yodziwira mphamvu yeniyeniyo ndi yakale, yosafuna magetsi, ndipo imatha m'mphindi zochepa. Akatswiri a kemisitiri amaitchula kuti taitireshoni ya ayodini. Mkati mwake muli kalamulo kamene ophunzira ambiri amangokaloweza osakamvetsa: sitachi, amene amasonyeza kuti kuyeza kwatha, sathiridwa poyamba koma chakumapeto kwenikweni.

Choyezedwacho n'chiyani

Mphamvu ya jiki ili mu mchere wotchedwa sodiyamu haipokloraiti, NaOCl, wosungunuka m'madzi okhala ndi soda pang'ono womuteteza kuti asaphwanyike msanga. Haipokloraiti amagwira ntchito polanda maelekitironi ku zinthu zina. Akalanda ku utoto wa dothi la pamalaya, utotowo umazimirira. Akalanda ku tizilombo, tizilomboto timafa. Jiki akamakalamba, haipokloraiti amasanduka mchere wamba, kloreti ndi mpweya wa okisijeni, zinthu zimene sizigwiranso ntchito imeneyi.

Vuto loyeza jiki n'lakale ngati jiki yemweyo. Mu 1785 Claude Berthollet wa ku France anasonyeza kuti klorini amayeretsa nsalu, ndipo patapita zaka zochepa fakitale ya ku Javel, pafupi ndi Paris, inayamba kupanga madzi oyeretsera. Eni mafakitale a nsalu sanachedwe kuona kuti madziwo akachepa mphamvu nsalu siyera, akachuluka mphamvu nsalu imadyeka. François Descroizilles wa ku Rouen anapanga kachubu kagalasi kokhala ndi mizere, n'kumayeza kuchuluka kwa utoto wa indigo umene madziwo angathe kuuzimitsa. Kachubu kameneko ndi kholo la byureti ya m'malabotale a lero. Ayodini anabwera pambuyo: Bernard Courtois anamupeza mu 1811 m'phulusa la ndere za m'nyanja yamchere, ndipo mu 1814 Colin ndi Gaultier de Claubry anaona kuti akakumana ndi sitachi amatulutsa buluu wakuda. Mu 1853 Robert Bunsen anakonza njira yoyezera zinthu zolanda maelekitironi podzera mwa ayodini, ndipo chaka chomwecho Schwarz anabweretsa thayosalufeti, amene akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Nzeru ya njirayi ndi kuzungulira. Haipokloraiti alibe mtundu wooneka bwino woti munthu n'kuona pamene wathera. Choncho amamusinthanitsa ndi chinthu chooneka. M'jiki wosungunula amathiramo potaziyamu ayodaidi, KI, mchere woyera wopanda mtundu m'madzi, kenako asidi. Haipokloraiti amalanda maelekitironi kwa ayodaidi n'kumusandutsa ayodini, ndipo madzi amene anali oyera amachita bulauni nthawi yomweyo.

```
OCl⁻ + 2I⁻ + 2H⁺ → I₂ + Cl⁻ + H₂O
```

Kachidutswa kamodzi ka haipokloraiti kamabala kamodzi ka ayodini, osaposa, osachepera. Ndiye amene wawerenga ayodini wawerenga haipokloraiti. Kuwerengako kumachitika ndi sodiyamu thayosalufeti wa mphamvu yodziwika, wodonthetsedwa kuchokera mu byureti. Iyeyu amabwezera ayodini maelekitironi ake n'kumusandutsanso ayodaidi wopanda mtundu.

```
I₂ + 2S₂O₃²⁻ → 2I⁻ + S₄O₆²⁻
```

Apa tizidutswa tiwiri ta thayosalufeti timafunika pa kamodzi ka ayodini. Masamu onse a kuyezaku agona pa ziwiri zimenezi: chimodzi kwa chimodzi, kenako ziwiri kwa chimodzi.

Botolo limodzi pa benchi

Tiyerekeze kuti woyeza walandira botolo lolembedwa 3.5% limene lakhala m'sitolo yofolera malata kwa miyezi yambiri. Jiki wa m'botolo ndi wamphamvu kwambiri kuti ayezedwe momwemo, choncho amatenga mamililita 10 ndi pipeti, n'kuthira mu fulasiki ya mamililita 100, n'kudzaza madzi otcheza mpaka pamzere. Pipetiyo amayikoka ndi kampira, osati ndi pakamwa. Akakhutchumula bwino amatengamo mamililita 25 n'kuika mu fulasiki ina ya kukamwa kopapatiza. M'mamililita 25 amenewo muli mamililita 2.5 a jiki weniweni wa m'botolo.

Kenako amathira magalamu 2 a potaziyamu ayodaidi. Masamu amati ngakhale zosakwana theka la galamu zingakwanire, koma amachulutsa dala. Ayodini payekha sasungunuka bwino m'madzi ndipo amathawira mumpweya mosavuta. Akapeza ayodaidi wotsala amagwirana naye n'kupanga I₃⁻, amene amakhazikika m'madzimo. Ayodaidi akasungunuka, ndiye pamabwera asidi, mamililita 10 a asetiki, asidi yemwe uja wa mu viniga koma wamphamvu kuposa wa kukhitchini.

Ndondomekoyi sisinthidwa. Asidi akatsogola asanafike ayodaidi, haipokloraiti amatulutsa mpweya wa klorini. Mpweyawo ukatuluka mu fulasiki sudzawerengedwanso, ndipo woyezayo ndi amene aupume. N'chifukwa chomwechi jiki sasakanizidwa ndi viniga kapena mankhwala a asidi otsukira chimbudzi kunyumba.

Tsopano fulasiki yachita bulauni woderako, ndipo yaikidwa pa pepala loyera pansi pa byureti yodzaza thayosalufeti wa 0.100 molu pa lita. Dzanja limodzi lili pa kampopi, lina likuzunguza fulasiki osaleka. Poyamba thayosalufeti amatsika mothamanga chifukwa ulendo ukadali wautali. Bulauni amayamba kupepuka, n'kukhala wofiirira, kenako chikasu. Chikasucho chikafika potuwa ngati udzu wouma wa mu Okutobala, woyeza amatseka kampopi.

Apa ndi pamene sitachi amalowa, mamililita 1 kapena 2. Madzi amene anali pafupi kuyera amasanduka buluu wakuda m'kuphethira kwa diso. Kampopi kamatsegulidwanso, koma tsopano ndi dontho limodzi, kuzunguza, dontho lina, kuzunguza. Buluu amachepa, n'kufika potuwa, ndipo pali dontho limodzi limene likagwa madzi onse amayera mbee. Woyeza amawerenga byureti: mamililita 16.8. Amabwerezanso kawiri ndi mamililita 25 atsopano, ndipo amakhutira pokhapokha mayankho asasiyane ndi zoposa 0.1.

Masamu ake ndi achidule. Akatswiri amawerenga tizidutswa m'magulu otchedwa molu, ndipo milimolu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a molu. Mililita iliyonse ya thayosalufeti uja ili ndi 0.1 ya milimolu, choncho mamililita 16.8 ndi mamilimolu 1.68. Theka lake, 0.84, ndiye ayodini amene anali mu fulasiki, ndiponso ndiye haipokloraiti amene anabala ayodiniyo. Milimolu imodzi ya NaOCl imalemera mamiligalamu 74.4, ndiye 0.84 ndi mamiligalamu pafupifupi 62.5, ochokera m'mamililita 2.5 a jiki. Amenewo ndi magalamu 25 pa lita, kapena kuti 2.5%.

Botolo likanakhala ndi 3.5% yake, byureti ikanasonyeza mamililita 23.5. Kusiyana kwa 23.5 ndi 16.8 ndiye mphamvu imene yathera m'sitolo. Munthu wokhulupirira chizindikiro cha pabotolo, pofuna madzi okolopera a 0.2%, angathire gawo limodzi la jiki m'magawo 16 ndi theka a madzi, n'kupeza 0.14% yokha. Madziwo anganunkhe klorini bwinobwino, ndipo palibe angakayike.

N'chifukwa chiyani sitachi amadikira

Funso loyamba lingakhale loti sitachi akufunikiranji, popeza ayodini ali ndi mtundu wakewake umene umatha ukadyedwa. Yankho lili m'maso a munthu. Chikasu chikamatuwa, diso limalephera kusiyanitsa madzi okhala ndi kachikasu kotsiriza ndi madzi oyera, makamaka m'chipinda cha kuwala kochepa. Anthu awiri oyang'ana fulasiki imodzi angasiyane ndi madontho angapo. Buluu wa sitachi amaoneka ngakhale ayodini atatsala wochepa kwambiri moti payekha sakanaoneka n'komwe, ndipo kuchoka pa buluu kufika poyera palibe mkangano.

Ophunzira a sekondale amamudziwa buluu ameneyu poyeza tsamba kapena kachidutswa ka chinangwa. Chimene chimachitika mkati n'chodabwitsa. Sitachi wa m'chimanga, mbatata ndi chinangwa ali ndi mbali ziwiri. Yaikulu ndi amilopekitini, ya nthambinthambi, imene ndi ayodini imangochita mtundu wofiirira wosalimba. Yaing'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, ndi amilozi: unyolo wautali wa timashuga ta gulukosi wopanda nthambi. Unyolowo umadzipota ngati kachingwe kamene dzungu limagwirira pa phesi, timashuga sikisi pa kuzungulira kulikonse, ndipo pakati pamatsala kamphako kotalika. Tizidutswa ta ayodini ndi ayodaidi timalowa m'kamphakomo n'kundandalika mumzere. Tikakhala mumzere chotero timameza kuwala kwa chikasu ndi kofiirira, ndipo chotsala chofika m'maso ndi buluu. Robert Rundle ndi anzake ku Iowa, ku America, ndi amene anasonyeza kapangidwe kameneka ndi ma ekisireyi m'zaka za m'ma 1940.

Ayodini wolowa m'kamphako ayenera kutulukanso kuti thayosalufeti amupeze. Ayodini akakhala wochepa, izi zimachitika msanga: wa m'madzi akadyedwa, wa m'kamphako amatuluka, nayenso n'kudyedwa, ndipo buluu amatha pa dontho loyenera. Koma sitachi akathiridwa mu fulasiki ya bulauni, mmene ayodini ali wodzaza, mphako zonse zimadzaziratu, maunyolo amaunjikana, ndipo chimene chimapangika sichisungunukanso bwino m'madzi. Nthawi zina timaoneka ngati timibulu takuda toyandama kapena tomata m'mbali mwa galasi. Ayodini wotsekeredwa m'timibulumo amatuluka mochedwa kwambiri.

Kuchedwako kumasocheretsa woyeza m'njira ziwiri, ndipo sangadziwe imene yamugwera. Akhoza kuona buluu wosatha n'kumapitiriza kudonthetsa, osadziwa kuti thayosalufeti wokwanira walowa kale ndipo akungodikira ayodini kuti atuluke. Pamenepo byureti isonyeza zochuluka ndipo jiki aoneka wamphamvu kuposa mmene alili. Kapena akhoza kuona madzi atayera n'kusiya, timibulu tikadasungabe ayodini wosawerengedwa. Pakapita kanthawi buluu amabwerera, ndipo nambala yolembedwa kale inali yochepa. Chizindikiro cha vutoli ndi mayankho atatu osagwirizana, ndiponso mathero okoka, mmene buluu amatuwa, n'kuchita phulusa, osafuna kutheratu.

Pali chifukwa chachiwiri, chokhudza sitachi mwiniwake. Ayodini wochuluka amamuwononga, ndipo asidi amadula maunyolo ake akakhalitsa limodzi. Unyolo wodukaduka sutha kusunga mzere wautali wa ayodini, choncho m'malo mwa buluu wakuda pamabwera mtundu wofiirira wozimirira pang'onopang'ono. Sitachi wolowa kumapeto amakhala mu asidi mphindi imodzi kapena ziwiri basi.

Chifukwa chachitatu n'chosavuta kumva, ndipo mwina pa benchi n'chimene chimaluma kwambiri. Kusintha kwa bulauni kupita ku chikasu ndi uthenga wouza woyeza kuti watsala pati. Akathira sitachi poyamba, fulasiki imada bii kuyambira mililita yoyamba mpaka pafupi ndi yomaliza, ndipo palibe chomuchenjeza kuti achepetse liwiro. Atha kudonthetsa limodzilimodzi ulendo wonse, ayodini n'kumathawira mumpweya akudikira, kapena kuthamanga n'kupitirira mathero osadziwa.

Manambala aja akuonetsa kukula kwa kusiyanaku. Pa chikasu chotuwa pamakhala patatsala mililita imodzi kapena kucheperapo. Ndiye kuti mwa ayodini yense amene anali mu fulasiki, sitachi amakumana ndi gawo limodzi lokha mwa magawo pafupifupi 20.

Kuchedwetsa nakonso kuli ndi malire. Woyeza akapitirira chikasu mpaka madzi kuyera, sitachi akathiridwa sapeza ayodini ndipo buluu sabwera. Palibe njira yodziwira kuti wapitirira ndi dontho limodzi kapena khumi. Fulasikiyo imatayidwa n'kuyambanso. Anthu ozolowera amayamba ndi kuyeza kothamanga kongofuna kuona dera la mathero, kuti pa kuyeza kwenikweni adziwe poimira.

Buluu akabwerera, ndi zina zosokoneza

Fulasiki yoyezedwa bwino ikasiyidwa pa benchi, pakapita mphindi zingapo imayambanso kuchita buluu. Wophunzira watsopano amathamangira ku byureti, koma sayenera. Mu fulasikimo mwatsala ayodaidi wambiri ndi asidi, ndipo okisijeni wa mumpweya amasandutsa pang'ono pa ayodaidiyo kukhala ayodini watsopano wosachokera kwa jiki. Dzuwa limafulumizitsa zimenezi. Choncho lamulo lake n'loti madzi akayera n'kukhala choncho kwa theka la mphindi, kuyeza kwatha. Buluu wobwerera m'masekondi ochepa ndi nkhani ina: ameneyo akunena kuti fulasiki sinazunguzidwe mokwanira kapena sitachi analowa msanga.

Kutentha ndi mdani wina, ndipo labotale ya ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Novembala imaudziwa. Ayodini amathawa msanga m'madzi ofunda, n'chifukwa chake kuyeza kumayamba asidi akangolowa, osati pambuyo pa tiyi. Buluu nayenso amafooka ndi kutentha, chifukwa unyolo uja umamasuka. Aliyense angadzionere: madzi a sitachi ndi dontho la ayodini akatenthetsedwa amayera, akazizira buluu amabwerera.

Thayosalufeti mwiniwake sakhulupiriridwa mwachisawawa. Mabakiteriya ena amamudya, ndipo asidi, ngakhale wochokera ku mpweya wosungunuka m'madzi, amamuphwanya n'kusiya salufa wochititsa madzi kuoneka ngati muli ufa. Amamukonza ndi madzi owiritsa, n'kuthiramo sodiyamu kaboneti pang'ono, ndipo mphamvu yake amaitsimikiza pomuyeza ndi potaziyamu ayodeti, KIO₃, mchere wosasinthasintha umene ungayezedwe pa sikelo molondola. Ayodeti ameneyu ndi yemwe uja amathiridwa mu mchere wa pakhomo poteteza chithokomiro, ndipo oyeza mchere wolowa m'dziko amatsata njira yomweyi, ndi sitachi wake wa kumapeto.

Kusankha asidi wa asetiki m'malo mwa wamphamvu kuli ndi cholinga. Jiki wokalamba amakhala ndi kloreti, ndipo mu asidi wamphamvu kloreti angathe kutulutsako ayodini, n'kuwerengedwa ngati mphamvu pamene pa kupha tizilombo alibe ntchito. Mu asidi wofatsa amangokhala phee.

Sitachi nayenso amafuna watsopano. Amakonzedwa pophwanya galamu imodzi m'timadzi tozizira, n'kuthira m'mamililita 100 a madzi owira, n'kusiya kuti azizire. Ndi chakudya, ndiye nkhungu ndi mabakiteriya amamulowa m'masiku ochepa. Asanamugwiritse ntchito, woyeza wanzeru amamuyesa ndi dontho la ayodini: akapanda kupereka buluu wakuda, ngwotaya.

Vitamini C atembenuza lamulo

Munthu amene waloweza kuti sitachi amathiridwa kumapeto adzadabwa akaona vitamini C akuyezedwa, chifukwa kumeneko sitachi amalowa poyambirira penipeni ndipo palibe cholakwika.

Vitamini C, amene dzina lake lina ndi asidi wa asikobiki, amachita zosiyana ndi jiki: salanda maelekitironi, amapereka. Choncho safuna kuzungulira. Ayodini ndi amene amaikidwa mu byureti, vitamini n'kukhala mu fulasiki.

```
C₆H₈O₆ + I₂ → C₆H₆O₆ + 2I⁻ + 2H⁺
```

Dontho lililonse la ayodini likagwa, vitamini amalidya nthawi yomweyo. Pogwera dontho pamaoneka kabuluu kamene kamazimirira fulasiki ikazunguzidwa. Sitachi ali momwemo ulendo wonse, koma sakumana ndi ayodini wochuluka, choncho palibe chotsekeredwa. Vitamini akatha, dontho lotsatira limasowa wolidya, ndipo buluu amakhazikika. Kwa jiki mathero ndi kuchoka kwa buluu. Kwa vitamini C ndi kubwera kwake. Piritsi la mamiligalamu 100, losinjidwa n'kusungunulidwa lonse, lili ndi mamilimolu 0.568 a vitamini, chifukwa milimolu imodzi imalemera mamiligalamu 176. Ndi ayodini wa 0.025 molu pa lita, buluu ayenera kukhazikika pa mamililita 22.7.

Apa m'pamene pamaonekera kuti lamulo lija silinena za nthawi, koma za kuchuluka kwa ayodini womasuka amene ali mu fulasiki pamene sitachi akulowa. Umboni wake ndi njira ina yoyezera vitamini yemweyo. Popeza madzi a ayodini amafooka akasungidwa, malabotale ena amapangira ayodini mu fulasiki momwemo kuchokera ku ayodeti woyezedwa bwino, wochuluka kuposa amene vitamini angadye, kenako n'kuwerenga wotsalayo ndi thayosalufeti. Chimene chasowa ndicho chadyedwa ndi vitamini. M'njira imeneyi fulasiki imayambanso ili bulauni, ndipo sitachi amabwerera kukadikira chikasu chotuwa.

Pa piritsi kuyezaku n'kolunjika. Pa madzi a zipatso monga malambe, magwafa ndi malalanje pamafunika kusamala. Ayodini sadziwa dzina la chimene chamupatsa maelekitironi, choncho china chilichonse chochita ngati vitamini C chimawerengedwa limodzi naye. Salufaiti amene mafakitale ena amathira m'zakumwa kuti zisawonongeke ndi chitsanzo chodziwika, ndipo amakweza yankho. Mbali inayi, vitamini amayamba kuwonongeka ndi mpweya chipatso chikangofinyidwa, makamaka pamalo otentha kapena m'chiwiya cha kopa kapena chitsulo, choncho madziwo amathiridwa asidi pang'ono n'kuyezedwa nthawi yomweyo. Madzi a mtundu wakuda, monga a chidede, amabisa buluu woyamba. Amawasungunula ndi madzi ambiri, ndipo pambali amaika fulasiki ina ya madzi omwewo yosathiridwa ayodini, kuti diso likhale ndi poyerekezera.